Zoona zake za matenda a mudzi ndi kudzimbidwa

Mafumu, amayi ndi abambo a kuno ku Chikwawa, zikomo chifukwa chobwera.

Ambiri amati mudzi umabwera chifukwa cha ufiti kapena kukhala pa mwala wotentha, koma zimenezo si zoona. Mudzi ndi mitsempha ya magazi yotupa kotulukira chimbudzi, ndipo kawirikawiri umayamba munthu akamadzimbidwa n'kumadzikakamiza pochita chimbudzi, kapena mayi akakhala woyembekezera. Supatsirana. Kusachita chimbudzi tsiku limodzi sikutanthauza kuti mwadzimbidwa. M'chigwa chotentha chino timatuluka thukuta kwambiri, choncho imwani madzi okwanira, idyani nsima ya mgaiwa kapena ya mapira, nandolo, masamba ndi zipatso. Musalole kudulidwa ndi lezala kunyumba, chifukwa mungataye magazi ambiri. Mukaona magazi m'chimbudzi, pitani kuchipatala msanga, pakuti nthawi zina amakhala chizindikiro cha matenda ena aakulu a m'matumbo.