Kwa amalume, za peyisilipi ija

Amalume,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi azakhali ndi ana. Kuno ku Lilongwe tili bwino. Chithunzi cha peyisilipi yanu ndachilandira dzulo madzulo, ndipo uthenga wa mawu uja ndaumvetsera kawiri. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna mawu oti ndikuuzeni popanda kukulakwirani.

Pepani kwambiri amalume, sinditha kusintha K380,000 ya pa peyisilipi ija kuti ikhale K650,000 monga mwandipempha kuti mukatengere ngongole ku banki. Sindikunamizani kuti kompyuta yawonongeka kapena kuti ntchitoyo sindikuidziwa. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma sindiichita, ngakhale kwa inu amene munandilipirira fizi kuchokera Fomu 1 mpaka Fomu 4 bambo atamwalira. Zimenezo sindinaiwale, n'chifukwa chake kalatayi ikundilemera polemba.

Mwati aliyense akuchita zomwezi ndipo a banki sayang'anitsitsa. Koma peyisilipi simayenda yokha. Pa ngongole yodulidwa ku malipiro amafunanso sitetimenti ya miyezi yapitayi, kawirikawiri ndi kalata yochokera kuntchito. Sitetimenti idzaonetsa ndalama zimene zimalowadi mu akaunti yanu mwezi ndi mwezi. Ndiye tidzasinthanso imeneyo? Nanga ndi banki yomweyo imene mumalandirirako malipiro, akangotsegula kompyuta yawo zonse zili poyera. Manambala a pa pepalalo nawonso ndi omangana. Penshoni imene amakudulani ndi 5 peresenti, pa peyisilipi yanu palembedwa K19,000. Pa K650,000 payenera kukhala K32,500. Msonkho wopita ku MRA uyeneranso kusintha. Tikhoza kukonza zonsezo, koma foni imodzi yokha yopita kwa akalaliki a malipiro kuntchito kwanu ikhoza kugwetsa zonse.

Zikatero mlandu sukhala wa ngongole ayi. Malamulo a dziko lino amazenga mlandu amene wapanga chikalata chachinyengo, komanso amene wachipereka akudziwa kuti n'chachinyengo. Ndiye kuti ine ndi inu tonse. Inu mwagwira ntchito zaka 17 pamalo amodzi popanda mbiri yoipa. Ine kashopu kangaka kali ndi zaka ziwiri zokha, ndipo anthu amandisiyira masetifiketi ndi ziphaso zawo chifukwa amandikhulupirira. Komanso kunena zoona, ngakhale mutanditsimikizira kuti sitigwidwa, mtima wanga sungalole. Wa ku banki amene adzasayine pepalalo adzakhala atanamizidwa ndi dzanja langa, ndipo zikadzavuta ntchito yake nayonso idzagwedezeka.

Chimene chandisowetsa tulo kwenikweni ndi china. Tinene kuti zatheka, akupatsani K3,000,000 yobweza pa miyezi 24 monga mwanenera. Imeneyo ndi K125,000 mwezi uliwonse, chiwongola dzanja tisanachiwerengere n'komwe. Adzadula poganiza kuti mumalandira K650,000, koma adzadula pa ndalama zanu zenizeni, zimene kale zimachepa msonkho ndi penshoni zikachoka. Lendi, ufa, magetsi ndi thiransipoti zidzachokera pa zotsalazo. Ndikuopa kuti pofika mwezi wachitatu mudzakhala mukugogoda kwa anthu a katapila, ndipo inu mukudziwa bwino mmene katapila anamalizira ng'ombe za agogo.

Tadala asasiye sukulu, pamenepo ndili nanu. Ndili ndi K200,000 imene ndimasungira kugula pulinta ina. Pulintayo idikire, ndikutumizirani Lachisanu pa foni. Musaitenge ngati ngongole. Fizi ya temu ino mwati ndi K900,000, choncho sitikufunika mamiliyoni atatu onse lero. Ndalama za feteleza ndi malata tikhoza kuzikambirana padera. Ndikupemphani tilembe kalata kwa oyang'anira ndalama ku koleji, kupempha kuti tilipire m'magawo, tikupereka kaye zimene tili nazo. Kalatayo ndilemba ine usiku uno, inu mudzangowerenga n'kusayina. Kenaka tipite ku banki ndi peyisilipi yeniyeni, atiuze okha ndalama zimene angakubwerekeni. Funsaninso ku SACCO ya kuntchito kwanu ija, popeza muli ndi masheya kumeneko. Azakhali nawonso afunse ku banki mkhonde yawo. Mafomu onse ndikuthandizani kulemba, kusindikiza ndi kujambula n'kwaulere.

Chithunzi cha peyisilipi ndachifufuta m'foni. Amayi sindinawauze ndipo sindiwauza, nkhaniyi yathera pakati pa ine ndi inu. Ngati ndakukhumudwitsani mundikhululukire, ndine mwana wanu.

Loweruka nditseka shopu masana, ndikwera minibasi yobwera ku Dedza. Mundisungire kalata ya fizi ija ndi buku lanu la ku SACCO kuti tikhale pansi tiwerengere limodzi. Moni kwa azakhali, ndipo muwauze Tadala andiimbire madzulo ano.

Ine mwana wanu,
Chisomo