Chidule cha kontrakiti ya ntchito ya ku famu ya mphesa ku Western Cape, South Africa

Achimwene, ndawerenga masamba onse a kontrakiti ya Chingerezi imene munanditumizira. Musanasaine, mfundo zake ndi izi.

Malipiro ndi R32 pa ola, ndipo azilowa ku banki Lachisanu, kamodzi pa masabata awiri aliwonse. Azidulapo 1 peresenti ya UIF, thumba lothandiza munthu ntchito ikatha, komanso 10 peresenti ya nyumba. Pamenepa chenjerani: ndime 7 ikunena za kudula ndalama ya chakudya koma sikutchula kuti ndi zingati. Auzeni alembe chiwerengero chake, chifukwa zapakamwa zimaiwalika tsiku lolandira.

Muzigwira maola 45 pa sabata, 9 pa tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu. Ola lowonjezera limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka, ndiye kuti R48, pomwe Lamlungu ndi kawiri. Nyengo yokolola, Januwale mpaka Malichi, maola owonjezera amachuluka. Muzilemba anu m'kabuku madzulo aliwonse.

Tchuthi cholipidwa ndi masabata 3 pa chaka, koma nthawi yake amasankha ndi abwana, choncho za Khisimasi ku Mzimba musalonjeze alamu msanga. Mukadwala m'miyezi 6 yoyamba, muli ndi tsiku limodzi lolipidwa pa masiku 26 aliwonse amene mwagwira. Mukajomba kupitirira masiku 2 otsatizana, adzafuna kalata ya dokotala.

Kusiya kapena kuchotsedwa ntchito: chidziwitso cholembedwa cha sabata imodzi m'miyezi 6 yoyamba, ikadutsa pamenepo masabata 4. Akakuchotsani mopanda chilungamo, muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pa ntchito.

Pasipoti ndi pemiti yanu sungani nokha, ndipo mutenge kope la kontrakiti losainidwa.