Ndondomeko ya fizi ya Tadala: Malichi mpaka Ogasiti 2026

Yalembedwa ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg, pa 1 Malichi 2026

Bambo a Tadala, izi ndi zomwe tinagwirizana usiku uja. Pepala limodzi ndamata mkati mwa chitseko cha wadiropu, lina ndajambula n'kutumiza kwa achemwali ku Dedza kuti nawonso adziwe masiku.

Kalata ya kusukulu ikuti teremu yoyamba ya Fomu 3 idzatsegulidwa Lolemba pa 14 Seputembala, ndipo mwana wogonera konko salowa pageti popanda risiti. Fizi ndi K620,000. Tiwerengere K100 pa randi imodzi, ndiye kuti R6,200. Tsiku lotumiza mtengo ukadzatikomera, yotsalayo ipita ku teremu yachiwiri. Nsapato, siketi, makope, sopo ndi shuga ndi R1,300. Minibasi ndi ndalama ya m'thumba R600. Yotumizira, pamodzi ndi yodzitetezera ngati sukulu itakweza fizi, R900. Zonse pamodzi R9,000, ndipo zikhale zitakwana pofika pa 31 Ogasiti.

Sindinagawe ndalamayi mofanana mwezi uliwonse, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Kapinga wa kuno amasiya kukula kukazizira. Mabwana amene pano akukuitanani sabata iliyonse, mu Juni amayamba kunena kuti mubwere kawiri pamwezi. Nthawi yomweyo hita imadya mayunitsi, ndipo magetsi a mzinda uno amakwera mtengo pa 1 Julayi. Choncho katundu wolemera tisenze pano mvula ikadagwa.

31 Malichi: R1,800. Inu R1,100, ine R700.

30 Epulo: R1,800 inanso, kugawana chimodzimodzi, zonse zifike R3,600. Pasaka ali pa 5 Epulo. Chopereka cha kutchalitchi tichotsa pa ndalama ya ndiwo, osati apa, ndipo zovala zatsopano chaka chino ayi.

31 Meyi: R1,600. Inu R1,000, ine R600. Tikhale pa R5,200. Tsikuli tidzakhale pansi ndi foni, tione ndi maso athu zomwe zili mu akaunti. Ngati zaperewera ndi ndalama yoposa R300, ndidzatenga ganyu yosita ya Loweruka ku Glenvista ija mpaka dzenje litakwiririka.

30 Juni: R1,000. Inu R400, ine R600. Apa tafika R6,200, kutanthauza kuti fizi yeniyeniyo yakwana miyezi iwiri ndi theka sukulu isanatsegulidwe. Mwezi umenewu ndi umene ndikuuyang'anitsitsa kuposa yonse.

31 Julayi: R900. Inu R300, ine R600. Zonse R7,100.

31 Ogasiti: R1,900. Inu R400, ine R500, ndipo R1,000 ichoka ku chipereganyu cha amayi a kumpingo, poti ulendo wanga wolandira ukugwa mwezi umenewu. Zakwana R9,000.

Ndalama izilowa mu akaunti yosungira ija tsiku lomwe talandira malipiro, tisanapite kokagula zinthu. M'nyumba musamagone ngakhale R100 ya fizi. Tizisunga m'marandi mpaka kumapeto, chifukwa tonse tikukumbukira Novembala wa 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, anthu amene anatumiza msanga ndalama zawo zinasungunukira m'manja mwa abale.

Nkhani yovuta ndi ya mafoni ochokera kumudzi. Maliro adzagwa, wina adzadwala, wina adzafuna feteleza, ndipo ife sitingatseke makutu. Pa zimenezi tizipatula R200 mwezi uliwonse mu envulopu yakeyake. Ikatha yatha, tidzapepesa mwaulemu. Lamuloli likugwira mbali zonse ziwiri, abale anu a ku Ntcheu ndi abale anga a ku Dedza. Wobwereka kuno, ngakhale atalonjeza kubweza ndi chiwongola dzanja pakutha pa mwezi, yankho ndi lakuti ndalamayo ndi ya mwana. Ifenso kwa akatapila sitipita.

Nsapato ndidzagula ku PEP kumayambiriro kwa Ogasiti kuchokera pa R1,300 ija. Achemwali amuimike Tadala papepala, ajambule phazi ndi bolopeni n'kuyeza ndi rula, chifukwa msinkhu umenewu phazi limakula osakuuza. Katunduyo apite ndi munthu wodziwika wokwera basi ya ku Lilongwe pasanafike pa 20 Ogasiti.

Pa 1 Seputembala tidzatumiza pa Mukuru m'dzina la achemwali. Pofika pa 4 Seputembala akhale ataika fiziyo ku akaunti ya sukulu kubanki, dzina la mwana ndi kalasi yake zitalembedwa bwino pa silipi, ndipo atitumizire chithunzi chake pa WhatsApp tsiku lomwelo. Silipi yeniyeniyo Tadala adzainyamule yekha popita.

Mukagwirizana nazo sainani m'munsimu pafupi ndi dzina langa.

Mayi a Tadala