Kalata yofunsira ntchito ya wosunga katundu

Mchinji
4 Novembala 2024

Kwa Oyang'anira Antchito,
Nkhokwe ya zipangizo zaulimi,
Kanengo, Lilongwe.

Bwana,

KUFUNSIRA NTCHITO YA WOSUNGA KATUNDU

Ndalemba kalatayi kupempha ntchito ya wosunga katundu imene mwalengeza m'nyuzipepala sabata yathayi. Ndili ndi satifiketi ya MSCE, ndipo ntchito yotereyi ndinaigwira zaka zisanu pa sitolo ina yogulitsa zipangizo zaulimi ku Kasungu, kuyambira 2017 mpaka Marichi 2022.

Kumeneko ndinkalandira feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'munda, kuwerenga matumba akamatsitsidwa m'lole, ndi kulemba zolowa ndi zotuluka m'buku komanso pa Excel. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala, alimi akamathamangira mvula yoyamba, tinkatulutsa matumba a makilogalamu 50 mazanamazana pa tsiku. Sindinkatseka nkhokwe madzulo ndisanaonetsetse kuti chiwerengero cha m'buku chikugwirizana ndi matumba amene ali pansi.

Mukaona mapepala anga mupeza kuti kuchokera Epulo 2022 mpaka pano sindinali pa ntchito yolembedwa. Ndinali kumudzi kuno kudwazika mayi anga, popeza pa nthawiyo panalibe wina m'banja mwathu amene akanatha kukhala nawo usana ndi usiku. Ntchito ndinasiya ndekha, nditapereka notisi ya mwezi umodzi ndi kusiyira mnzanga mabuku onse ali bwinobwino. Panopa mayi akupezako bwino, ndipo mchemwali wanga wasamukira kumudzi kuti azikhala nawo. Choncho ndine womasuka kugwira ntchito tsiku lonse, ngakhale Loweruka pa nyengo yotanganidwa.

Pa zaka ziwiri ndi thekazi sindinaiwale zowerengera. Ndakhala mlembi wa banki m'khonde ya amayi 22 m'mudzi mwathu, kulemba masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja sabata iliyonse. Pogawana ndalama mu Disembala 2022 ndi Disembala 2023, za m'bokosi zinafanana ndi za m'buku mpaka kwacha yomaliza. Ndikudziwa kuti buku la banki m'khonde si nkhokwe ya ku Kanengo, ndipo ngati muli ndi pulogalamu ya pakompyuta yosungira katundu imene sindinaigwiritsepo ntchito, ndidzaiphunzira msanga.

Ndaphatikiza mbiri yanga ya ntchito, kope la satifiketi, ndi kalata ya umboni yochokera kwa abwana anga akale a ku Kasungu. Iwo avomera kuti mukhoza kuwafunsa za kagwiridwe kanga ka ntchito komanso mmene ndinachokera. Malo okhala ndawapeza kale kwa achibale ku Area 25, kufupi ndi Kanengo, moti ndikhoza kuyamba pa 18 Novembala kapena tsiku lina lililonse limene mungakonde.

Ndidzathokoza mukandiitana kuti tidzaonane maso ndi maso.

Ine wanu,
Tadala