Kwa onse ojambula Loweruka ku Bembeke: sikiripiti ndi v5

Moni nonse. Sikiripiti ya kanema wa alimi a kachewere yomwe tijambulire Loweruka ndi iyi basi:

`KACHEWERE_v5_YOJAMBULIRA.pdf`

Dzina lomweli lili pamwamba pa tsamba lililonse, kudzanja lamanja. Ngati pepala lomwe muli nalo lalembedwa v3 kapena v4, ling'ambeni, ndipo mufufutenso mufoni mwanu. Ochita sewero, ndikupempha inu makamaka, chifukwa ambiri munaloweza mawu a mu v3.

v1 ndi v2 zinali zathu zokha za mu ofesi. v3 ndi yomwe inapita kwa eni ntchito, ndipo anaibweza chifukwa cha gawo 4. Tinalemba kuti mayi akutsuka kachewere asanamusunge. Alangizi awo anakana, ndipo ananena zoona: kachewere wonyowa amaola msanga, komanso akakhala pa dzuwa amasanduka wobiriwira, sayeneranso kudyedwa. Mu v4 mayiyo akumuyanika pamthunzi, akuchotsa wotemeka ndi khasu, kenako akumuika m'chipinda chamdima cholowa mphepo. Tikanajambula zakale zija, tikanaphunzitsa alimi kuononga mbewu yawo, ndiye gawo limeneli muliwerengenso modekha.

v5 yasintha zitatu. Mu gawo 6, la pamsika wa Lizulu, wogulitsa satchulanso mtengo wa ndowa, poti mitengo imasintha ndipo kanemayu adzaonetsedwa nthawi yaitali. Gawo 7 lachotsedwa, koma nambala yake yatsala, palembedwa "LACHOTSEDWA". Gawo latsopano la agogo ndi mdzukulu wawo kudimba ndi 8A. Sitinasunthe manambala, kuti zomwe a kamera alembe pa kabolodi zidzagwirizane ndi za olumikiza zithunzi. Mzere uliwonse wosinthidwa uli ndi kanyenyezi (*) m'mphepete, ndipo masamba amenewo ndawasindikiza pa pepala la buluu.

Tsopano nkhani ya ndemanga. Eni ntchito akakuimbirani foni, kapena mukakumana nawo pa Dedza boma n'kukuuzani kuti "apa musinthe", alandireni mwaulemu, koma musasinthe kanthu. Apempheni alembe uthenga, ndipo munditumizire. Ndimalemba ndemanga iliyonse mu `NDEMANGA.xlsx`: tsiku, amene wanena, gawo lake, ndi nambala ya sikiripiti yomwe amawerenga. Chomalizachi n'chofunika kwambiri, chifukwa Lachiwiri wina anadandaula za mzere womwe tinachotsa kale mu v4. Ndemanga ikavomerezedwa ndi a dayirekita ndi mkulu wa eni ntchito, ndimatulutsa nambala yatsopano. Wotulutsa ndine ndekha, ndipo mayina ngati "yomaliza" kapena "yomaliza yeniyeni" sitigwiritsanso ntchito.

Eni ntchito avomereza v5 polemba dzulo masana. Ngati pangabwere v6, ndikuuzani Lachisanu isanakwane 6 koloko madzulo. Ikadutsa nthawiyo, zosintha zidikire tsiku lina lojambula.

Tinyamuka pa boma 5 koloko m'mawa, mutenge majuzi, ku Bembeke kukuzizira. Tisanayatse kamera, aliyense adzawerenga mokweza nambala ya pa pepala lake. Mukalandira uthengawu yankhani kuti "v5 ndaiona".