Mlandu woyeserera wa abitireshoni: nkhani ya matani 400 a soya amene sanafike ku Kanengo

Zolembedwa pa phunziro la ophunzira zamalamulo a chaka chachinayi ku Zomba. Abitireshoni ndi kuweruza mkangano kunja kwa khoti, pamaso pa oweruza amene mbali ziwiri zavomereza. Oweruza ndi atatu: Wapampando ndi mayi amene ndi mphunzitsi, awiri enawo ndi maloya oitanidwa. Wophunzira akuimira wodandaula, kampani yopanga zakudya za nkhuku ya ku Kanengo. Wodandaulidwa ndi kampani yogulitsa mbewu ya ku Chipata. Makampaniwa ndi zikalata zawo nzongopeka, koma malamulo ndi milandu yotchulidwa ndi yeniyeni.

WAPAMPANDO: Zikalata zanu tawerenga zonse, ndiye musatiwerengerenso. Muli ndi mphindi 25, ndipo tizikudulani pamene tafuna kumvetsa. Yambani, a loya.

WOPHUNZIRA: Zikomo, Mayi Wapampando ndi olemekezeka oweruza. Pa 15 Januwale 2024 mbali ziwirizi zinasainirana kontirakiti ya matani 600 a soya pa mtengo wa madola 520 pa tani, ndipo soya yense amayenera kufika ku Kanengo pasanadutse pa 30 Juni. Anafika matani 200 okha. Ndiyankhula pa mfundo zitatu, kuyambira ndi...

WAPAMPANDO: Kuyambira ndi ife amene. Anzanu akuti tilibe mphamvu yokhala pano. Ndime 14 ya kontirakiti ikuti mkangano ukabuka muyambe mwakambirana masiku 21. Kalata yanu ya dandaulo ndi ya pa 12 Ogasiti, mlandu munaubweretsa pa 28 Ogasiti. Ndi masiku angati amenewo?

WOPHUNZIRA: Masiku 16, Mayi.

WAPAMPANDO: Ndiye tinyamule mabuku athu tizipita?

WOPHUNZIRA: Ayi, Mayi. Ndikupempha muone chikalata 7. Pa 15 Ogasiti mkulu wa kampani ya ku Chipata anatiyankha kuti: "Palibe chokambirana, chitani zimene mungathe." Kukambirana nkwa anthu awiri. Munthu amene wakutsekera chitseko sangadzakudzudzule kuti sunalowe.

WOWERUZA WACHIWIRI: Mawuwo ndi okoma, koma ndimeyo sikunena kuti masiku 21 amafupika mnzako akapsa mtima. Mukanataya chiyani podikira masiku asanu?

WOPHUNZIRA: Sitikanataya kanthu, bwana, ndipo kudikira kukanakhala kwanzeru. Koma funso ndi lakuti kusadikirako kukuchotsa mphamvu za bwalo lino kapena ayi. Khoti Lalikulu la ku England linakumana ndi funso lotere mu 2021 pa mlandu wa Sierra Leone ndi SL Mining. Linagamula kuti kufulumira kubweretsa dandaulo ndi nkhani yoti oweruza a abitireshoni aione okha, ngati dandaulolo lapsa kapena likadali laliwisi, koma sikufafaniza chilolezo chimene mbali ziwiri zinapereka choti aweruzidwe ndi bwalolo.

WOWERUZA WACHIWIRI: Chigamulo chimenecho chikutimanga ife kuno?

WOPHUNZIRA: Sichikutimanga. Chikungotiunikira, monga zimachitira zigamulo zina za ku England m'makhoti athu. Ndipo mukaona kuti tinafulumira, mankhwala ake ndi kuimitsa mlandu masiku asanu kapena kutilipitsa zina mwa ndalama zoyendetsera mlandu. Kuuthetseratu kungangotibwezera pakhomo pomwepa mwezi wamawa.

WAPAMPANDO: Tamva. Pitani ku nkhani ya chilala, chifukwa mpamene pagona mlanduwu.

WOWERUZA WACHITATU: Asanapite, Mayi. Zambia inalowa nawo m'pangano la mayiko la ku Vienna la 1980 la malonda a katundu. Bwanji simukulitchula?

WOPHUNZIRA: Chifukwa Malawi sanalowe nawo, bwana. Panganolo limagwira ntchito mayiko onse awiri akakhala mamembala, kapena lamulo lolamulira kontirakiti likakhala la dziko lomwe ndi membala. Ndime 15 inasankha malamulo a Malawi. Choncho tikuyendera lamulo lathu la kugula ndi kugulitsa katundu, mutu 48:01.

WOWERUZA WACHITATU: Chabwino. Chilala tsopano.

WOPHUNZIRA: Chilala sitikuchikana. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi ngozi yagwera dziko lonse la Zambia, ndipo ifenso kuno tinachiona m'minda mwathu. Ndime 11 ikutchuladi chilala pakati pa zovuta zosapeweka. Koma mawu ake ndi awa: wogulitsa akhululukidwa ngati vutolo "lamulepheretsa" kupereka katundu. Sanalembe kuti lamuvutitsa, kapena lamukwezera mtengo. Kontirakiti sinanenenso kuti soyayo achokere m'munda wakutiwakuti kapena m'boma lakutilakuti. Inangoti soya wouma bwino, chinyezi chisapose 12 pa 100 aliwonse.

WAPAMPANDO: Ndiye mukufuna kutiuza kuti akanapita kukagula ngakhale ku Tanzania, n'kumagulitsa moluza?

WOPHUNZIRA: Inde, Mayi, ngakhale zikumveka zowawa. Mlandu wa Tsakiroglou ndi Noblee Thorl wa mu 1962 unali wa mtedza wochokera ku Sudan kupita ku Hamburg. Ngalande ya Suez itatsekedwa mu 1956, sitima zimayenera kuzungulira kunsi kwa Afirika, ndalama zonyamulira n'kukwera kwambiri. Nyumba ya Malodi, khoti lapamwamba kwambiri la ku England pa nthawiyo, inati wogulitsa amayenerabe kutumiza mtedzawo. Amene walonjeza mtengo mu Januwale wasenza yekha chiopsezo cha mtengo wa mu Juni. Mtengo ukanatsika, ife tikanalipirabe madola 520.

WOWERUZA WACHIWIRI: Mlandu umenewo unali wa kontirakiti yosokonekera pa lamulo. Pano tili ndi ndime imene eni ake analemba n'kutchulamo chilala ndi dzina. Ngati chilala cha 2024 sichikulowa m'ndimeyi, chingalowe ndi chiti?

WOPHUNZIRA: (akutsegula fayilo, kenaka akhala chete pang'ono) Chimene chamusiyadi wogulitsa wopanda soya, bwana. Taonani chikalata 9. Ndi matikiti asanu ndi atatu a pasikelo ya magalimoto, a pakati pa 10 ndi 21 Juni, onse ali ndi chidindo cha wodandaulidwa. Akuonetsa matani 250 akutuluka m'nkhokwe yawo kupita kwa wogula wina pa madola 600. Soya analipo. Anangotsata kumene kunali ndalama zambiri.

WOWERUZA WACHIWIRI: Matani 250. Inu mukudandaula 400. Nanga 150 otsalawo?

WOPHUNZIRA: Pa amenewo ndilibe tikiti.

WOWERUZA WACHIWIRI: Ndiye muwasiya?

WOPHUNZIRA: Sindiwasiya, bwana. Amene akubisala m'ndime yomukhululukira ndiye ayenera kuonetsa umboni kuti ikumuphimba. Iwo sanabweretse kalata ngakhale imodzi yosonyeza kuti anafunafuna soya kwina n'kumusowa. Palinso nkhani ya chidziwitso. Ndime 11 ikuti wovutikayo adziwitse mnzake molemba pasanathe masiku asanu ndi awiri. Chilala chinalengezedwa mu Febuluwale, iwo anatuma uthenga wa pa WhatsApp pa 18 Juni.

WAPAMPANDO: Masiku asanu ndi awiriwo amayamba liti? Tsiku limene mvula yadula, kapena tsiku limene munthu wazindikira kuti sakwanitsa? Mu Febuluwale soya anali asanakololedwe.

WOPHUNZIRA: Ndimeyo ikuti "chichitikire vutolo". Koma ngakhale titawakomera mtima n'kuwerengera kuchokera pa kukolola, wogula mbewu aliyense amakhala atadziwa pofika mu Meyi kuti msika uli bwanji.

WAPAMPANDO: Werengani yankho la manijala wanu pa uthenga umenewo. Chikalata 5.

WOPHUNZIRA: Akuti: "Tamva, achimwene. Yesetsani."

WAPAMPANDO: Sanati mwachedwa. Sanati tikusumirani. Anzanu akuti pamenepa munavomera chidziwitsocho.

WOPHUNZIRA: Mayi, munthu akakuuza vuto lake, kuyankha kuti "tamva" ndi ulemu chabe. Ndipo "yesetsani" ndi mawu a munthu amene akudikirabe katundu wake. Kuti tinene kuti wina wataya ufulu wake wa m'kontirakiti, mawu kapena zochita zake ziyenera kukhala zosakayikitsa. Patangopita masiku awiri manijala yemweyo analemba kalata, chikalata 6, kufunsa tsiku limene magalimoto adutse pa Mwami. Wokhululuka ngongole safunsa tsiku lolipira.

WOWERUZA WACHITATU: Tiyeni ku ndalama. Mukupempha madola 48,000. Mwawapeza bwanji?

WOPHUNZIRA: Pa 6 Ogasiti tinagula matani 400 kwa ena pa madola 640. Kuchotsapo 520 kutsala 120, kuchulukitsa ndi 400.

WOWERUZA WACHITATU: Lamulo la mutu 48:01 limene mwatitchulira lija limati chiyani pamene msika wa katunduyo ulipo?

WOPHUNZIRA: Limati poyambira ndi kusiyana kwa mtengo wa m'kontirakiti ndi mtengo wa pamsika pa nthawi imene katunduyo amayenera kuperekedwa.

WOWERUZA WACHITATU: Imene ndi 30 Juni. Mboni yanu yomwe yati tsiku limenelo soya anali pa madola 590. Ndiye kuti 70 kuchulukitsa ndi 400, madola 28,000. Masabata asanu munakhala manja lende mtengo ukukwera, lero mukufuna mnzanu alipire kuchedwa kwanu?

WOPHUNZIRA: Lamulolo likuti "poyambira", bwana, ndiye bwalo likhoza kupatukapo pakakhala chifukwa. Chifukwa chake chili m'makalata awo awiri. Pa 3 Julayi anatipempha tiwadikire, pa 17 Julayi anati magalimoto apakira kale. Amene wapempha yekha kuti tsiku lisunthe sangatsekere mtengo pa tsiku loyambalo.

WOWERUZA WACHITATU: Pambuyo pa 17 Julayi analembanso?

WOPHUNZIRA: Sanalembenso.

WOWERUZA WACHITATU: Kuchoka ku Chipata kufika ku Lilongwe galimoto yopakira imatenga masabata atatu?

WOPHUNZIRA: Ayi, bwana. Ngakhale itachedwa pachipata, masiku ochepa akwana. Ngati bwalo liona kuti tinayenera kudzidzimuka msanga, ndikupempha litenge mtengo wa pa 24 Julayi, madola 620, umene uli m'umboni womwewo. Pamenepo ndi madola 40,000. Pempho langa loyamba likadali 48,000.

WAPAMPANDO: Talemba zonse ziwiri. Palinso madola 19,000 a phindu limene mukuti munataya pa oda ya mlimi wa nkhuku wa ku Dedza. A ku Chipata ankaidziwa oda imeneyo posaina?

WOPHUNZIRA: Ankadziwa kuti timapanga zakudya za nkhuku zogulitsa.

WAPAMPANDO: Sindinafunse zimenezo.

WOPHUNZIRA: Sankaidziwa, Mayi. Inabwera mu Epulo. Malinga ndi mlandu wa Hadley ndi Baxendale wa mu 1854, chitayiko chapadera chimalipidwa ngati onse awiri ankachiganizira pa nthawi yopangana. Mtengo wa oda imeneyi unali woposa wa masiku onse, ndipo sindingaime pano n'kunena kuti anauganizira. Pempho limenelo ndalichotsa.

WAPAMPANDO: Mwafunsa amene anakutumani? Loya sataya madola 19,000 a munthu ndi pakamwa pokha.

WOPHUNZIRA: Pepani, Mayi, ndinathamanga. Ndikupempha mphindi zisanu pa nthawi yopuma kuti ndikambirane nawo, ndidzalidziwitse bwalo tikabwerera.

WAPAMPANDO: Mwapatsidwa. Funso lomaliza: katundu wa wodandaulidwa ali ku Zambia. Tikagamula mokukomerani, pepala lathu mukatani nalo?

WOPHUNZIRA: Tikalitengera ku Khoti Lalikulu la ku Zambia pansi pa pangano la ku New York la 1958, limene limathandiza kuti zigamulo za abitireshoni zigwire ntchito m'mayiko ena. Zambia inalowamo mu 2002, Malawi mu 2021. Nchifukwa chake ndikupempha kuti chigamulo chanu chiyankhe momveka nkhani ya ndime 14 ija, popeza mpamene angadzagwire pokana kulipira. Tikupemphanso chiwongoladzanja kuyambira pa 6 Ogasiti 2024 ndi ndalama zoyendetsera mlandu.

WAPAMPANDO: Nthawi yanu yatha. Tipume mphindi khumi. Tikabwerera mutiuze za madola 19,000 aja, kenaka timve woimira wodandaulidwa, ndipo ayambire pa matikiti a pasikelo.