Kalata yopatsa mphamvu achimwene anga a Yohane Phiri

Ine Esinati Phiri wa ku Area 25 muno mu Lilongwe, ndikulemba kalatayi mutu uli bwinobwino popanda wondikakamiza, kupereka mphamvu kwa achimwene anga a Yohane Phiri omwe pano ali ku Joni kuti aziyendetsa m'malo mwanga malo omwe malemu bambo athu anatisiyira. Banja linaika malowa m'manja mwanga, koma chiyambireni kudwala shuga sindikukwanitsanso kumalondola alendi khomo ndi khomo, enanso akaona kuti ndi mzimayi basi amangoti mawa mawa mpaka mwezi kutha.

Malo ake ndi puloti ya ku Area 25 pomwe pali nyumba zitatu za lendi ndi kagolosale koyang'ana kumsewu, komanso munda wa maekala 4 kwathu ku Mitundu.

Kuyambira pa 1 Julayi 2025 achimwene ndi amene azitolera lendi, K90,000 nyumba iliyonse ndipo golosale K60,000, pasanadutse pa 5 mwezi uliwonse. Alendi aziika ku akaunti ya kubanki kapena kutumiza pa Mpamba kaya Airtel Money pa nambala yomwe iwo awauze, za pamanja ayi ndithu, aliyense azisunga kameseji kake ngati umboni. Atha kusainirana mgwirizano ndi alendi atsopano, kukweza lendi atawachenjeza nthawi ikadalipo, kupereka notisi kwa wovuta kulipira, kulipira za ku khonsolo ndi bilu ya madzi poti mpope ndi umodzi pulotiyo yonse, komanso kuitana amisili. Ayambire nyumba yapakati ija, malata ake anadontha dzinja lonse mpaka khoma la kuchipinda linachita ndere. Poti ali kutali ndawalola kutuma msuweni wathu Chikondi pofunika munthu woonekera, koma chiganizo chizichokera kwa iwo.

Munda azibwereketsa chaka chimodzi chimodzi mvula isanagwe, amfumu akudziwa. Dimba lokha asalikhudze, limenelo amalima azakhali.

Apa pokha ndikutsindika achimwene, mphamvuyi si yogulitsa, si yoika malo pa chikole kubanki kapena kwa akatapila, si yosintha dzina pa mapepala, ngakhale kutabwera munthu ndi ndalama zochuluka bwanji. Pamenepo mpaka tonse ana anayi tikhale pansi ndi amalume. Ndipo lendi ikangolowa K120,000 yoyamba ndi ya amayi, chakudya ndi mankhwala awo, zina zonse pambuyo. Pakatha miyezi itatu iliyonse aziika pa gulupu ya banja zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka, malisiti omwe.

Mphamvuyi idzatha pa 30 Juni 2027, kapena tsiku lomwe ndidzalembe kalata yoithetsa n'kuwadziwitsa iwo ndi alendi.

Ndasaina ku Lilongwe lero pa 16 Juni 2025 pamaso pa loya wolumbiritsa.

Wopereka mphamvu: Esinati Phiri
Mboni: amalume a Lackson Banda
Mboni: Chikondi Banda